Momwe 47 amasandukira 55: zimene maminitsi a bodi ya dipatimenti amasunga pa nthawi ya zotsatira za mayeso

Wophunzira wa pa yunivesite akatsegula foni n'kuona zotsatira za semesita, amangoona nambala imodzi pa kosi iliyonse, kenako mawu ochepa pansi pake: wakhoza, alembe mayeso a mwayi wachiwiri otchedwa sapu, abwereze, kapena wachotsedwa, kumene ophunzira eni ake amati kuwidwa. Saona kuti nambalayo yadutsa m'manja mwa anthu angati, ndipo sadziwa kuti mwina masabata atatu apitawo inali nambala ina. Ine ndidakhalapo mlembi wa misonkhano ya bodi ya dipatimenti kwa zaka zingapo, ntchito imene nthawi zambiri imagwera mphunzitsi amene wangobwera kumene chifukwa choti sangakane. Chimene ndidaona n'chakuti pepala la malikisi limangonena kuti nambala ndi yakuti, kompyuta ya ku ofesi ya a Rejisitala nayonso imangonena chimodzimodzi, koma funso lakuti n'chifukwa chiyani nambalayo idasintha, adaisintha ndani, ndipo adaona umboni wotani, limayankhidwa ndi chikalata chimodzi chokha, chomwe ndi maminitsi a tsiku lomwe bodi idakhala pansi.

Tiyambe ndi kuchotsa kusokonezeka kumodzi. Anthu amakonda kunena kuti dipatimenti yavomereza zotsatira, koma m'mayunivesite athu mawu omaliza pa nkhani za maphunziro amakhala ndi Seneti. Malikisi amachoka kwa mphunzitsi amene wachonga, n'kupita ku bodi ya dipatimenti, kuchoka apo amakwera ku bodi yomwe amatsogolera a Dini ndipo imaphatikiza madipatimenti angapo, kenako n'kukafika ku Seneti. Yunivesite ya Malawi isanagawidwe mu 2021, Seneti inali imodzi ya makoleji onse, kotero kuti zotsatira za ku Polytechnic, za ku College of Medicine ndi za ku Kamuzu College of Nursing zimakathera pa tebulo limodzi ndi za ku Chancellor College ku Zomba. Lero MUBAS, KUHeS ndi UNIMA, mayunivesite amene adachokera m'makoleji amenewa, iliyonse ili ndi Seneti yakeyake, monganso zilili ku Mzuzu, ku LUANAR ndi ku MUST. Choncho dipatimenti ikati yavomereza, tanthauzo lake ndi lakuti yakhutira kuti manambala ndi olondola ndipo ikuwapereka kumtunda kuti akavomerezedwe. Mlembi amene walemba kuti "bodi idachotsa wophunzira wakuti pa sukulu" waipatsa bodiyo mphamvu imene ilibe. Choyenera kulemba n'chakuti bodi idapempha kuti achotsedwe, potsatira lamulo lakuti.

N'chifukwa chake alembi odziwa ntchito amasamala kwambiri ndi aneni atatu. Pali zimene bodi idangomva, monga kuti ophunzira 120 adalemba mayeso. Pali zimene idagamula yokha chifukwa zili m'manja mwake, monga kuti mapepala a kosi yakuti achongedwenso ndi munthu wachiwiri. Ndipo pali zimene idapempha kuti mabodi akumtunda achite. Maminitsi amalembedwa m'Chingerezi kwathu kuno, koma kusiyana kumeneku sikudalira chilankhulo. Munthu akawerenga patapita zaka zitatu ayenera kuzindikira msanga ngati mzere wakutiwo ndi nkhani chabe, chigamulo, kapena pempho lomwe likudikira yankho.

Tsamba loyamba sindichedwapo. Pamakhala tsiku, malo, amene adabwera, amene adapepesa kuti sabwera, ndi amene adangojomba. Chinthu chimodzi chokha pa tsambali chimene chingagwetse msonkhano wonse ndi chiwerengero cha mamembala. Malamulo a yunivesite iliyonse amanena kuti pafunika anthu angati kuti bodi igamule kanthu, ndipo maminitsi ayenera kuonetsa kuti chiwerengerocho chidakwana. Vuto la misonkhano ya zotsatira ndi lakuti imatalika. Imayamba 9 koloko m'mawa chipinda chitadzaza, koma ikamakwana 3 koloko masana ena apita kukatenga ana ku sukulu, ena ati akupita ku banki mwachangu osabwereranso. Zigamulo zovuta, za ophunzira oti achotsedwe, zimabwera cha kumapeto komweko. Mlembi wabwino amalemba nthawi imene munthu watuluka. Zimaoneka ngati ukapolisi, ndipo ena amakuyang'ana ndi diso lofiira, koma wophunzira akadzadandaula, funso loyamba la womuimira lidzakhala lakuti m'chipindamo mudatsala anthu angati.

Bokosi lopanda kanthu

Tsopano titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda bwinobwino. Manambala ake ndawasankha ndine kuti nkhani imveke, koma vuto lake ndi lomwe limabwera pafupifupi semesita iliyonse. Tinene kuti kosi ili ndi ophunzira 120. Ntchito ya m'kati mwa semesita imapereka malikisi 40, mayeso omaliza amapereka 60, ndipo malire okhozera ndi 50. Malikisi 40 aja agawidwa patatu: tesiti yoyamba 15, tesiti yachiwiri 15, asainimenti 10. Mayeso omaliza amachongedwa pa 100, kenako n'kuchulukitsidwa ndi 0.6 kuti akwane pa 60.

Wophunzira amene ali pa nambala 47 pa mndandanda adapeza 9 pa tesiti yoyamba, 7 pa asainimenti, ndi 52 pa mayeso omaliza. Pa tesiti yachiwiri palibe chalembedwa. Mphunzitsi akugwiritsa ntchito Excel, ndipo pa mzere wa wophunzirayu pali fomula iyi:

```
=SUM(C48:E48)+0.6*F48
```

Excel sidandaula ikapeza bokosi lopanda kanthu. Imangolidumpha, zomwe zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi kuikamo ziro. Choncho 9 ndi 7 apanga 16, mayeso omaliza apereka 31.2, zonse pamodzi 47.2. Wophunzira walephera, ndipo dzina lake lalowa pa mndandanda wa olemba sapu. Pa pepala losindikizidwa lomwe lagawidwa mu msonkhano, lomwe nthawi zambiri limangoonetsa 16, 31 ndi 47, palibe chimene chikuoneka cholakwika.

Apa ndi pomwe bodi imagwirira ntchito yake yeniyeni. A mkulu wa dipatimenti, omwe ndi wapampando, amafunsa mphunzitsi wa kosi iliyonse kuti aonetse pepala lonse, osati lachidule lokha. Mmodzi wa akuluakulu akweza dzanja: "Pepani a wapampando, pa mzere 48 apo, tesiti yachiwiri mwanayu sadalembe kapena malikisi ake asowa?" Mphunzitsi akuyankha kuti, "Ndikuganiza kuti sadalembe, a Pulofesa." Koma kuganiza si umboni. Bokosi lopanda kanthu lingatanthauze zinthu zinayi zosiyana: wophunzira adajomba dala, adadwala ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala, adalemba koma pepala lake lidasochera, kapena pepala lidachongedwa koma malikisi adalowetsedwa pa mzere wa munthu wina wa dzina lofanana nalo. M'kalasi ya anthu 120 kuno kwathu simungalephere kupeza a Banda asanu ndi a Phiri anayi. Pa zinayi zimenezi, choyamba chokha ndi chimene chimayenera ziro.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Pa tesiti iliyonse pamakhala pepala lomwe ophunzira amasainira polowa kapena popereka mayankho awo. Munthu atumidwa kukalitenga ku ofesi, ndipo siginecha ya wophunzira uja ilipo. Mphunzitsi afufuza mu mtolo wa mapepala n'kupeza kuti pepala lake lidamatirira kumbuyo kwa la mnzake, lochongedwa kale, malikisi ake 8. Tsopano ntchito ya m'kati mwa semesita yakwera kufika pa 24, ndipo tikaphatikiza ndi 31.2 tikupeza 55.2. Wakhoza, ndipo sapu yachoka.

Nanga mlembi alemba chiyani? Ndawerengapo maminitsi ambiri omwe pa nkhani yotere amangoti: "Bodi idakonza zolakwika zina pa kosi imeneyi ndipo idavomereza zotsatira." Mzere wotere sunama, koma suthandiza aliyense. Wolemba bwino angalembe motere: "Bodi idamva kuti wophunzira wa nambala yakuti adalibe malikisi a tesiti yachiwiri. Pepala losainira la tsiku la tesitiyo lidaonetsa kuti adalemba. Pepala lake la mayankho lidapezeka ndipo lidaonetsedwa kwa wapampando ndi membala wina mmodzi; malikisi ake ndi 8 pa 15. Bodi idagamula kuti malikisi a m'kati mwa semesita asinthe kuchoka pa 16 kufika pa 24, ndipo onse pamodzi kuchoka pa 47 kufika pa 55. Mphunzitsi wa kosi akonze pepala la malikisi ndi kulipereka kwa wapampando lisanafike tsiku lakuti." M'mizere imeneyi muli nambala yakale, nambala yatsopano, chifukwa, umboni, amene adauona umboniwo, ndi amene wapatsidwa ntchito yoti achite.

Kusiyana kwa malembedwe awiriwa kumaoneka bwino mukaganiza ngati munthu wakunja. Tinene kuti patapita zaka ziwiri kwamveka mphekesera kuti pa dipatimentiyo malikisi amagulitsidwa. Wofufuza afika, n'kupeza pepala lina la malikisi likuti 47, lina likuti 55, wophunzira yemweyo, kosi yomweyo. Kwa iye, kukonza cholakwika moona mtima ndi kukwezera munthu malikisi chifukwa cha envulopu zimaoneka chimodzimodzi, chifukwa ponseponse nambala yakwera ndi 8. Mphunzitsi wosalakwa amene maminitsi ake adangoti "tidakonza zolakwika zina" alibe poimira. Mutu wake sungakumbukire mzere umodzi mwa mizere mazanamazana, ndipo mapepala a mayeso samasungidwa mpaka kalekale.

Kusendeza manambala

Nkhani yachiwiri imaoneka yaing'ono mpaka itakugwera. Malikisi akathera m'tizigawo, monga 49.4 kapena 49.5, amasendezedwa ku nambala yathunthu. Funso ndi lakuti amasendezedwa liti, ndipo kangati. Taonani ophunzira awiri awa. Woyamba ali ndi 19.5 ya m'kati mwa semesita ndi 29.5 ya mayeso omaliza. Tikaphatikiza ali ndi 49 ndendende, walephera. Koma mphunzitsi akasendeza chigawo chilichonse pachokha asanaphatikize, 19.5 asanduka 20, 29.5 asanduka 30, ndipo wophunzirayu wapeza 50. Wachiwiri ali ndi 19.4 ndi 30.0. Tikaphatikiza ali ndi 49.4, kuposa mnzake uja, koma pa njira yomweyo yosendeza chigawo chilichonse apeza 19 ndi 30, omwe ndi 49. Amene adachita bwino walephera, amene anali pansi pake wakhoza, popanda wina aliyense wobera.

Palinso msampha wina wa pa kompyuta. Bokosi la Excel lingakonzedwe kuti lizionetsa nambala yathunthu pomwe m'kati mwake likusunga 49.5. Pa pepala padzaoneka 50, koma fomula yonena zokhoza ndi zolephera imawerenga nambala ya m'kati, kotero mudzaona mzere womwe ukuti 50 ndipo pambali pake pakuti `FAIL`. Mukaona zotere, dziwani kuti nambalayo sidasendezedwe, idangovekedwa chovala. Kusendeza kwenikweni kumafuna `ROUND`, ndipo kuyenera kuchitika kamodzi, pa malikisi onse ataphatikizidwa. Kumene malamulo a yunivesite amanena momveka za izi, maminitsi angotchula lamulolo. Kumene malamulo sanenapo kanthu, bodi igwirizane njira imodzi isanayambe kuona mayina, ndipo njirayo ilembedwe pamwamba pa zonse.

Ndanena kuti isanayambe kuona mayina chifukwa pa malire pomwepa ndi pamene chifundo chimalowera. "A wapampando, mtsikanayu ndimamudziwa, ndi wolimbikira, sajomba, akuchokera kutali ndipo makolo ake ndi ovutika. Malikisi amodzi okha tingamuphere?" Mawu otere amanenedwa ndi mtima wabwino, ndipo nthawi zambiri amakhala oona. Vuto lake ndi lakuti pa mzere wina pali mnyamata amenenso ali ndi 49, wakumudzi chimodzimodzi, koma wachete, yemwe palibe mphunzitsi akumukumbukira nkhope. Maganizo anga ndi akuti bodi ikafuna kuyang'ananso mapepala a amene ali pafupi ndi malire, iyang'ane a onse, ndipo maminitsi anene kuti mapepala a ophunzira onse opeza 48 ndi 49 adawerengedwanso ndi munthu wachiwiri, asanu ndi mmodzi adaonedwa, awiri adakwera chifukwa funso lakuti lidachongedwa moperewera, anayi adakhala momwemo. Chimene sichiyenera kupezeka ndi dzina limodzi litakwera lokha popanda chifukwa cholembeka. Ine ndidapeza kuti njira yaulemu yoletsera zotere, kwa mlembi amene ndi wamng'ono m'chipindamo, ndi kungofunsa modzichepetsa kuti, "Pepani a wapampando, chifukwa chake ndilembe kuti chiyani?" Nthawi zambiri chipinda chimati zii, kenako nkhaniyo imatha yokha.

Kalasi yonse ikagwa

Nkhani yovuta koposa imabwera pamene si wophunzira mmodzi koma kosi yonse yomwe yaoneka zachilendo. Tibwerere ku kalasi yathu ija, tinene kuti mwa 120 alephera 68, pomwe ophunzira omwewo akhoza bwino makosi ena anayi. Bodi siyenera kuthamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, komanso siyenera kuthamangira kuwonjezera malikisi. Imayamba yafunsa kuti malikisi adatayikira pati. Pepala la mayeso linali ndi mafunso asanu, onse okakamiza, lililonse la malikisi 20. Mukaika malikisi a funso lililonse padera, mupeza kuti pa mafunso anayi ophunzira achita monga mwa nthawi zonse, koma pa funso lachinayi ambiri apeza 2, 3 kapena ziro. Zifufuzidwa, ndipo zipezeka kuti mutu wa funsolo sudaphunzitsidwe: pepala la mayeso lidakonzedwa ndi kuvomerezedwa pakati pa semesita, kenako masabata awiri omaliza adatayika, ndipo palibe adakumbukira kusintha funso.

Njira imene anthu amayamba kutchula ndi yongowonjezera aliyense malikisi ofanana, mwina 5. Ndi yofulumira, koma siyankha vuto lomwe lapezeka, ndipo mukafunsidwa kuti bwanji 5 osati 4 kapena 8, yankho loona limakhala lakuti 5 ndi amene amatsitsa chiwerengero cha olephera kufika pomwe sichichititsa manyazi. Njira yomveka ndi kuchotsa funso lachinayi, n'kuwerengera mayeso pa 80 m'malo mwa 100. Wophunzira amene adapeza 38 pa mafunso anayi aja ndi 2 pa funso lachinayi anali ndi 40 pa 100. Tsopano ali ndi 38 pa 80, omwe ndi 47.5 pa 100. Wapindula, ndipo m'pomveka.

Koma yang'anani mnzake, amene adawerenga yekha mutu uja m'laibulale. Iye adapeza 40 pa mafunso anayi ndi 15 pa funso lachinayi, onse pamodzi 55. Mukachotsa funsolo atsala ndi 40 pa 80, omwe ndi 50. Njira yothandiza kalasi yamulanda malikisi 5 munthu amene adachita khama kuposa anzake. Bodi yatcheru imagamula kuti wophunzira aliyense awerengedwe njira zonse ziwiri, n'kupatsidwa nambala yomwe ili yokulirapo. Chigamulo chimenechi chiyenera kulembedwa mwatsatanetsatane moti munthu wina amene sadali mu msonkhano atatenga malikisi oyambirira angawerengere yekha n'kufika pa manambala omwewo. Pepala la malikisi oyambirira lisatayidwe. Limatidwe kumbuyo kwa maminitsi pamodzi ndi latsopano, ndipo chiwerengero cha olephera chilembedwe kawiri, chisanasinthe ndi chitasintha.

Apa m'pomwenso mawu a woyesa wochokera ku yunivesite ina amafunikira. Uyu ndi katswiri wa phunzirolo amene amaitanidwa kuti aone ngati mafunso ndi kachongedwe zili pa mlingo woyenera. Iye amapereka maganizo, koma bodi ndi imene imagamula. Bodi ikatsatira maganizo ake, maminitsi anene. Ikapanda kuwatsatira, anenenso, ndi chifukwa chake. Palibe chochititsa manyazi pa kusiyana maganizo ndi woyesa wakunja. Chochititsa manyazi n'chakuti lipoti lake likuti malikisi a kosi yakuti adakwezedwa mopitirira, pomwe maminitsi a bodi sakutchula n'komwe kuti nkhaniyo idakambidwa. Bungwe loona za maphunziro apamwamba la National Council for Higher Education, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, likamaunika mapulogalamu limafuna umboni wolembedwa, ndipo zikalata ziwirizi zikaikidwa pambali ndi pambali, kusagwirizana kwake kumaoneka msanga.

Zimene siziyenera kulowa

Pofika apa wina angaganize kuti maminitsi abwino ndi otalika. Ayi. Mikangano ya m'chipinda simalembedwa liwu ndi liwu. Zakuti a Dokotala uje adamenya tebulo, kapena kuti wina adanena kuti mnzake saphunzitsa amangokhalira maganyu m'tauni, zimathera momwemo. Anthu akadziwa kuti mawu awo onse alembedwa ndi dzina lawo, amasiya kulankhula zoona. Dzina la membala limalembedwa pa zifukwa zochepa: wapatsidwa ntchito, wapempha yekha kuti kusagwirizana kwake kulembedwe, kapena wanena kuti ali pa ubale ndi wophunzira.

Za ubalezi n'zofunika kuzitchula chifukwa dziko lathu ndi laling'ono. Mphunzitsi amapezeka kuti m'kalasi mwake muli mwana wa mlongo wake, mlamu wake, kapena mwana wa abusa a ku mpingo kwake amene akukhala pakhomo pake. Si mlandu. Choyenera n'chakuti anene poyamba, pepala la wophunzirayo lichongedwe ndi wina, ndipo nkhani yake ikamakambidwa atuluke. Maminitsi angoti membala wakuti adaulula ubale ndi wophunzira wa nambala yakuti, adatuluka 11:20 ndipo adabwerera 11:35. Mizere iwiri imeneyi imamuteteza iye mwini kuposa wina aliyense.

Ophunzira amatchulidwa ndi nambala zawo za kalembera, osati mayina. Wodwala amene sadalembe mayeso, maminitsi amangoti kalata ya kuchipatala idalandiridwa ndipo bodi idapempha kuti aloledwe kulemba mayeso ochedwa. Dzina la matenda sililowa, chifukwa chikalatachi chidzadutsa m'manja mwa anthu ambiri, kuyambira wosindikiza mpaka mesenjala. Ndipo mayeso ochedwa asasokonezedwe ndi sapu. Wolemba sapu adalemba kale n'kulephera, ndipo m'mayunivesite ambiri malikisi ake amakanikizidwa pa malire okhozera ngakhale atachita bwino chotani. Wolemba mayeso ochedwa akulemba koyamba ndipo amalandira malikisi ake onse. Mlembi akasinthanitsa mawu awiriwa, wodwala uja angapeze 72 koma n'kulembedwa 50, ndipo cholakwikacho chingamutsate mpaka pa mlingo wa digiri yake.

Chimodzimodzinso ndi amene wagwidwa ndi kapepala m'chipinda cha mayeso. Bodi ya dipatimenti si bwalo lozenga milandu yotere, pali komiti yake ya mwambo yomwe imamva mbali zonse. Maminitsi asati wophunzira adabera. Anene kuti zotsatira zake zasungidwa podikira chigamulo cha komitiyo. Akadzapezeka wosalakwa, musakhale ndi chikalata chosainidwa chomwe chidamutcha wakuba asanamvedwe.

Msonkhano ukatha

Zolakwika zambiri zomwe ndidaona sizidachitikire mu msonkhano, zidachitika masiku atatu otsatira. Mphunzitsi wakonza malikisi monga bodi idanenera, koma pa kompyuta yake pali mafayilo anayi a kosi imodzi, ina yotchedwa yomaliza, ina yomaliza yeniyeni, ndipo ku ofesi ya a Dini kwapita yolakwika. Wophunzira wathu wa nambala 47 uja, amene bodi idamupatsa 55, akuona 47 pa foni yake. Mankhwala ake ndi osavuta: pepala la malikisi lomwe bodi yavomereza lisindikizidwe, lilembedwe tsiku, mphunzitsi ndi wapampando asaine tsamba lililonse, ndipo maminitsi alitchule ndi nambala yake monga chomatidwa. Mafayilo akasemphana, pepala losainidwalo ndi lomwe limaweruza.

Palinso zosintha zomwe zimabwera bodi itabalalika kale. Pepala lina lapezeka Lachisanu madzulo, pomwe bodi ya a Dini ikukumana Lolemba. Sikutheka kuitananso anthu khumi ndi asanu, choncho wapampando amavomereza m'malo mwa bodi. Izi n'zololeka malinga zilembedwe tsiku lomwelo, ndi nambala yakale, yatsopano ndi umboni monga tidachitira poyamba paja, kenako zikanenedwe ku msonkhano wotsatira kuti bodi izitsimikize. Mukaona dipatimenti yomwe zosintha za wapampando yekha zikuchuluka kuposa za bodi yonse, pamenepo m'poyenera kufunsa mafunso.

Maminitsi eni ake amakhala ongoyembekezera mpaka msonkhano wotsatira utawawerenga. Pamenepo mamembala amakonza zimene mlembi adalakwitsa: nambala ya wophunzira yomwe yatembenuzika, dzina la amene adabwera koma sadalembedwe. Chimene sangachite ndi kusintha chigamulo ponamizira kukonza. Zimachitika kuti membala amene adagonja pa mkangano amabwera mwezi wotsatira n'kunena kuti, "A wapampando, ine momwe ndikukumbukira sitidagwirizane choncho." Ngati bodi yasinthadi maganizo, chimenecho ndi chigamulo chatsopano, cha tsiku latsopano, ndipo chimalowa m'maminitsi atsopano, akale aja n'kukhala momwe alili. N'chifukwa chake ine ndidazolowera kuwerenga mokweza chigamulo chilichonse chokhudza malikisi tisanapite pa kosi ina: nambala ya wophunzira yakuti, kuchoka pa 47 kufika pa 55, chifukwa cha tesiti yachiwiri. Ena amadandaula kuti ndikuchedwetsa nkhomaliro. Wapampando akagwedeza mutu ndimaika kachizindikiro pambali pa mzerewo m'kope langa, ndipo kopelo ndimalisunga m'dirowa yokhoma mpaka maminitsi atasainidwa.